Mneni woyamba ndi amene amalamula

Mtima wanga wakhala pansi tsopano pa nkhani ya *enjoy reading* ndi *want to read*. Chinthu chomwe chandimasula n'chaching'ono kwambiri, moti mwina ena mwa inu munachidziwa kale muli ku Fomu 2: aneni awiri akatsatana m'Chingerezi, woyamba ndi amene amasankha maonekedwe a wachiwiri. Wachiwiriyo alibe chonena. *Read* ndi *read* basi, koma akakhala pambuyo pa *enjoy* amasanduka *reading*, ndipo akakhala pambuyo pa *want* amasanduka *to read*. Ukamafufuza yankho mwa kuyang'anitsitsa mneni wachiwiri, ungathe tsiku lonse osalipeza, chifukwa yankho silikhala pamenepo.

Za kuti *gerund* n'chiyani ndi *infinitive* n'chiyani sindizibwereza, tonse tinazikopera m'makope. Chimene sichinalembedwe m'kope langa n'chifukwa chake ife zimativuta chotere. Ku Chichewa timati ndikufuna kuwerenga, ndamaliza kuwerenga, ndikupewa kuwerenga, ndakana kuwerenga. Paliponse ndi "ku" yemweyo, ndipo sipakhala chosankha. Chingerezi chimagawa ntchito ya "ku" ameneyu pawiri: *want to read* ndi *refuse to read* mbali ino, *finish reading* ndi *avoid reading* mbali inayo. Ndiye popeza tinazolowera kuti "kuwerenga" ndi *to read*, dzanja limathamangira *to* nthawi zonse. N'chifukwa chake m'gulu lathu lowerengera limodzi zolakwika zambiri zimapendekera mbali imodzi: *enjoy to*, *finish to*, *avoid to*. Khutu silidandaula ngakhale pang'ono, poti likumva "ku" wake ali pamalo.

Apa ndiye pali vuto lenileni la kutsimikiza. Kuwerenga chiganizo mokweza kuti umve ngati chikumveka bwino kumathandiza munthu amene anakula akumva Chingerezi pakhomo. Kwa ine khutu ndi mboni yosadalirika pa nkhani iyi. Pamafunika mboni ina.

Mboni yanga ndi dikishonale, koma osati iliyonse. Ndikunena dikishonale ya anthu ophunzira Chingerezi, monga Oxford Advanced Learner's Dictionary kapena Longman Dictionary of Contemporary English. Kale ndinkaitsegula kuti ndione tanthauzo basi, kenako n'kutseka. Koma pafupi ndi tanthauzolo pamakhala timawu ta zilembo zonenepa tosonyeza momwe mneniyo amalumikizirana ndi zomutsatira. Pa *enjoy* mupeza *enjoy doing something*. Pa *want* mupeza *want to do something* komanso *want somebody to do something*. Mabuku ena amafupikitsa, amalemba *sth* ndi *sb*. Timawu timeneti ndiye yankho lonse. Ngati *enjoy to do something* palibe pamndandanda, ndiye kuti sanena choncho, nkhani yatha.

Ndikuonetseni momwe zinayendera ndi kalata yofunsira ntchito imene mnzathu wina wa m'gulu anabwera nayo kuti tiikonze. Wandilola kugwiritsa ntchito ndime yake. Inali yotere:

*I am writing to apply for the post of clerk. I enjoy to work with figures and I want to learn more about accounts. I have finished to write my examinations. I look forward to hear from you.*

Choyamba tinadula mzere pansi pa malo onse amene aneni awiri akumana. Anapezeka asanu: *writing to apply*, *enjoy to work*, *want to learn*, *finished to write* ndi *look forward to hear*. Kenako pa malo aliwonse tinazunguliza mneni woyamba ndi pensulo, n'kumufufuza iyeyo.

*Want to learn* anadutsa bwinobwino. *Enjoy to work* anagwa, n'kukhala *enjoy working*. *Finished to write* nayenso anagwa, chifukwa buku likuti *finish doing something*, ndiye tinalemba *finished writing*. *Writing to apply* tinamusiya, koma pa chifukwa china. *To* ameneyu akungofotokoza cholinga, ndi "kuti" wathu uja: ndikulemba kuti ndifunsire ntchito. Njira yomuzindikira n'kuyesa kuika *in order to* m'malo mwake. Ngati chiganizo chikuimabe, monga *I am writing in order to apply*, ndiye kuti ndi *to* wa cholinga, ndipo ameneyu angathe kubwera pambuyo pa aneni ambirimbiri osapempha chilolezo.

Wachisanu ndi amene anatikanganitsa. Mwini kalata anati, "Koma achimwene, *to* ali pomwepa, ndiye mukufuna ndiikenso *-ing* bwanji? Si paja anatiphunzitsa kuti pambuyo pa *to* mneni sasintha?" Funso lake linali la nzeru. Nkhani ndi yakuti *to* alipo wa mitundu iwiri. Wina ndi wa mneni, monga mu *want to learn*. Winayo ndi mperekezi, yemwe uja wa mu *go to school*, ndipo mneni aliyense wobwera pambuyo pa mperekezi amatenga *-ing*, monga timachitira ndi *good at cooking* kapena *tired of waiting*. Kuti udziwe kuti wagwira uti, chotsa mneni wachiwiri, uikepo dzina. *I look forward to your reply* n'Chingerezi chabwino, ndiye *to* ameneyo ndi mperekezi, ndipo yankho ndi *look forward to hearing*. Yesani chimodzimodzi ndi *want*: *I want to your reply* sizimveka kwa aliyense, ndiye *to* wa *want* si mperekezi. Kayesedwe kameneka kamagwiranso pa *be used to* ndi *object to*: *I am used to the noise*, choncho *I am used to walking*. Ndinakakonda kwambiri chifukwa kamagwira ngakhale m'chipinda cha mayeso momwe mulibe buku.

Kuyambira pamenepo ndinasintha kalembedwe ka mawu atsopano. Sindilembanso mneni payekha. Ndili ndi kakope kakang'ono, tsamba lililonse ndinalipinda pakati. Kumanzere ndimalemba aneni a *-ing*, kumanja a *to*, ndipo aliyense amalowa ndi chiganizo chonena za moyo wanga weniweni, osati cha m'buku. Kumanzere kuli *I avoid walking past the depot at night*, kuli *my mother keeps asking about my results*, kulinso *I don't mind fetching water*. Kumanja kuli *I can't afford to repeat this year* ndi *I promised to teach my sister*. Ndikamayenda ndimazinena chamumtima mpaka *avoid walking* amveke ngati mawu amodzi. Ine ndikukhulupirira kuti njira iyi imaposa zonse, ndipo munthu amene angadzaze kakope kotere sangafunenso buku la galamala pa mutu umenewu. Anzanga amati ndikukokomeza. Mwina, koma ziganizo za m'buku ndimaziiwala, pomwe cha amayi anga sichichoka m'mutu, chifukwa amafunsadi tsiku ndi tsiku.

Chimene chimandiwawa n'chakuti izi zikanatheka kalekale. Mutuwu unaphunzitsidwa pa phunziro limodzi. Aphunzitsi analemba mindandanda iwiri italiitali pa bolodi, ife n'kukopera, belu n'kulira, mawa lake tinali pa mutu wina. Palibe amene anatsegula dikishonale pamaso pathu n'kutilozera kuti taonani, yankho limakhala apa. Chimangirizo chikabwerera, pansi pa *enjoy to* pamangokhala mzere wofiira, popanda mawu. Umadziwa kuti palakwika, koma osadziwa ngati vuto ndi *enjoy*, ndi *to*, kapena chiganizo chonse. Ndikudziwa kuti kalasi imakhala yodzaza ndipo silabasi ndi yaitali, munthu mmodzi sangalembe ndemanga m'makope onsewo. Komabe Chingerezi ndi phunziro lomwe ukalephera supeza satifiketi ya MSCE ngakhale ukhoze ena onse, ndiye mphindi khumi zophunzitsa kawerengedwe ka dikishonale sizikanawonongeka. Nanenso panopa nthawi ikundichepera. Ndimawerenga ndikaweruka, maso atalemera kale, magetsi akakhalapo.

Pali gulu lachitatu lomwe kakope kanga kopinda pawiri kanalibe malo ake, mpaka ndinalitsegulira tsamba lakumapeto. Awa ndi aneni olola zonse ziwiri. Ena, monga *begin*, *start* ndi *continue*, savuta: *it started raining* ndi *it started to rain* n'chimodzimodzi. Koma *stop*, *remember*, *forget*, *try* ndi *regret* amasintha tanthauzo. *He stopped smoking* ndi munthu amene wasiya fodya. *He stopped to smoke* ndi munthu amene anaima panjira kuti asute, ndipo taonani, ndi *to* wa cholinga uja wabweranso. *Remember to lock the door* ukuuza munthu kuti asaiwale kukiya, chitseko sichinakiyidwe. *I remember locking the door* kukiya kunachitika kale, iwe ukungokumbukira. Apa kungoona kuti dikishonale yalola sikukwanira. Uyenera kuwerenga zitsanzo zake, n'kudzifunsa kuti chayamba n'chiti, kukumbukira kapena kukiya.

*Remember* ameneyu ndi amene amachititsa anthu kukonda lamulo lija lakuti *to* amaloza kutsogolo, ku zomwe sizinachitike, pomwe *-ing* amaloza ku zomwe zachitika kapena zikuchitika. Limathandizadi: *hope*, *plan*, *decide* ndi *promise* onse amayang'ana kutsogolo ndipo amatenga *to*, pomwe *finish*, *admit* ndi *deny* amayang'ana kumbuyo ndipo amatenga *-ing*. Koma lili ndi mabowo. *Consider*, *suggest* ndi *avoid* amanena zinthu zomwe sizinachitike, komabe timati *consider moving* ndi *suggest leaving early*. *Manage to* amanena chinthu chomwe chatheka kale, komabe ali ndi *to*. Ndiye lamuloli ndimaligwiritsa ntchito pongoganizira ndikasowa pogwira, osati potsimikiza.

Chomwe sindinachione bwino n'chakuti kodi zonsezi zidzafika pakamwa. Polemba ndili ndi nthawi yodula mzere, kuzunguliza mneni ndi kuyesa dzina pambuyo pa *to*. Polankhula, makamaka pamaso pa anthu ofunsa mafunso a ntchito, nthawi imeneyo palibe, ndipo "ku" wathu amafika msanga kuposa kakope. Aneni amene ndawanena kambirimbiri, monga *enjoy* ndi *avoid*, ayamba kutuluka bwino okha. Koma ndikakumana ndi mneni amene sali m'kakope, buku lili kutali, ndimaimabe kaye, ndipo sindikudziwa ngati kakopeka kadzafika podzaza mokwanira kapena ngati pali china chomwe anzathu odziwa bwino amamva chimene ine sindinayambe kuchimva.