Fulakesi, Masamba ndi Kapenta: Zimene Ndaphunzira pa Omega-3

M'maphunziro anga a kadyedwe kuno ku Chipata, mutu wa mafuta a omega-3 unandikopa chifukwa cha mapaketi a njere za fulakesi amene amagulitsidwa m'masitolo ena, olembedwa kuti ali ndi omega-3 wochuluka. Zolembedwazo si zabodza, koma sizinena kuti ndi wamtundu uti. Wa m'zomera ndi ALA, amene ali ndi maatomu a kaboni 18, pamene wa m'nsomba ndi EPA, wa maatomu 20, ndi DHA, wa maatomu 22. DHA ndiye amapezeka wambiri mu ubongo ndi mkati mwa diso, ndipo munthu akadya ALA yekha, thupi liyenera kumusintha, makamaka m'chiwindi, kuti lipeze awiri enawo.

Funso n'lakuti limasintha wochuluka bwanji. Mu 2002, a Graham Burdge ndi anzawo a pa yunivesite ya Southampton ku England anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anadyetsa achinyamata ALA woikidwa chizindikiro, n'kumamulondola m'magazi. Mwa amuna, pafupifupi 8 peresenti anasanduka EPA, koma DHA wachizindikirocho sanaoneke n'komwe. Mwa akazi, pafupifupi 21 peresenti anasanduka EPA ndipo 9 peresenti anafika pa DHA, kusiyana kumene akatswiri amati kumabwera chifukwa cha esitirojeni, homoni imene imachuluka mwa akazi. Anthu amene anapimidwa anali ochepa kwambiri, choncho manambalawa sindiwatenga ngati muyezo wa aliyense, koma amathandiza powerengera.

Supuni yaikulu imodzi ya fulakesi wopera, wolemera pafupifupi magalamu 7, imakhala ndi ALA wokwana mamiligalamu pafupifupi 1,600. Bambo amene wathira supuni imeneyi m'phala la m'mawa angapeze EPA wokwana mamiligalamu 128, DHA pafupifupi palibe, ndipo gawo lalikulu la wotsalayo limawotchedwa n'kupereka mphamvu kapena kusungidwa monga mafuta ena onse. Mayi wachitsikana angapeze mamiligalamu 336 a EPA ndi 144 a DHA, ngati zonse zayenda monga zinayendera pa kafukufuku uja. Komatu magalamu 100 a nsomba zam'chitini za mtundu wa sadini amapereka EPA ndi DHA wokwana pafupifupi mamiligalamu 1,000, wosafunika kusinthidwa. Bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya limati munthu wamkulu azipeza mamiligalamu 250 a EPA ndi DHA pamodzi patsiku, kutanthauza kuti bambo uja wangofika theka.

Za masamba n'zachidule. Mafuta ochepa amene ali m'masamba obiriwira ambiri mwa iwo ndi ALA, koma ndi ochepadi: magalamu 100 a sipinachi wamuwisi ali ndi mamiligalamu pafupifupi 140, moti pangafunike kilogalamu yoposa imodzi kuti afanane ndi supuni ija. Nkhwani, lepu ndi bonongwe tizidya chifukwa cha mavitamini ndi michere ina, osati poganiza kuti zalowa m'malo mwa nsomba.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi mafuta athu ophikira. Enzayimu, kapena kuti puloteni ya m'thupi, yoyambitsa kusintha kwa ALA ndi yomweyo imene imagwira ntchito pa mtundu wina wa mafuta wotchedwa omega-6, ndipo awiriwa amalimbirana ngati anthu otunga madzi pa mjigo umodzi. Kuno kum'mawa timalima mpendadzuwa ndi mtedza kwambiri, ndipo mafuta a zonse ziwirizi ali ndi omega-6 wochuluka koma ALA pafupifupi alibe. Motero banja limene limakazingira mafuta a mpendadzuwa tsiku ndi tsiku, n'kumadyanso ndiwo zotendera, likhoza kusintha ALA mocheperapo. Mafuta a soya amasiyanako, chifukwa pafupifupi 7 peresenti yake ndi ALA.

Fulakesi yemweyo amafuna chisamaliro. Njere zosapera zambiri zimatuluka m'thupi zosagayika chifukwa khungu lake n'lolimba, pamene zopera zimawonongeka msanga pa kutentha kwa mwezi wa Okutobala, ndipo chizindikiro chake ndi fungo longa la penti ndi kuwawa pa lilime. Ndi bwino kusinja zochepa n'kusunga m'botolo lotseka, pamalo ozizira ndi amdima.

Kwa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa kafukufuku wa 2003 anapeza kuti amayi oyamwitsa amene ankamwa mafuta a fulakesi anali ndi ALA ndi EPA wochulukirapo mu mkaka wawo, koma DHA sanakwere. Nsomba zimatenga DHA ku ndere zing'onozing'ono za m'madzi kudzera mu zimene zimadya, n'chifukwa chake kapenta wa ku Mpulungu kapena ku Siavonga ndi usipa wa m'nyanja ya Malawi, zimene timadya ndi mitu yomwe, ndingazisankhe poyamba. Amene sadya nsomba angagwiritse ntchito mafuta a ndere, ngakhale kuti ndi okwera mtengo.