Zikomo kwa anzanga a pa ntchito pa tsiku la ufulu wa dziko lathu

Aphunzitsi anzanga, akomiti ya sukulu, amayi a gulu losamalira atsikana, alonda athu ndi inu nonse amene timagwira nanu ntchito pa sukulu yathu ya pulayimale kuno ku Kasungu, ndikukufunirani chikondwerero chabwino cha pa 6 Julaye, tsiku limene Malawi adalandira ufulu wodzilamulira kuchoka m'manja mwa Angerezi mu 1964. Mafuno amenewa ndawalemba poyera chifukwa ndili ndi ngongole ya zikomo kwa inu, ndipo ndaona kuti palibe tsiku lina loyenera kuibweza kuposa limeneli. Mu Januwale mphepo yamkuntho inasasula denga la chipinda cha sitandade 7 ndi cha sitandade 8, ndipo lero ana akuphunziranso m'zipinda zomwezo pansi pa malata okhomedwa bwino, chifukwa cha manja anu.

Ife a ku Kasungu timalinyadira tsikuli mwapadera, popeza Dr Hastings Kamuzu Banda, amene adatsogolera dziko lino pa nthawi yolandira ufulu, adabadwira m'boma lathu lomwe lino. Komabe monga mphunzitsi ndimakonda kukumbutsa ana kuti iye sadaigwire yekha ntchitoyi. Amene adalimbikira kuti abwerere kumudzi atakhala kunja zaka zoposa 40 adali achinyamata a chipani cha Nyasaland African Congress monga Henry Chipembere wa ku Mangochi ndi Kanyama Chiume wa ku Nkhata Bay, ndipo atatera pa bwalo la ndege la Chileka pa 6 Julaye 1958 adagwira ntchito ndi anthu ngati Dunduzu Chisiza wa ku Karonga ndi mayi Rose Chibambo wa ku Mzimba. Chimene chidawamanga pamodzi chidali kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chidakhazikitsidwa mu 1953 eni dziko asakufuna. Pa 3 Malichi 1959 boma la atsamunda lidamanga atsogoleri ambiri, Dr Banda nkutumizidwa kundende ya ku Gweru, ndipo tsiku lomwelo asilikali adawombera ndi kupha anthu pa doko la Nkhata Bay. Pamene atsogoleriwo adali m'ndende, Orton Chirwa ndi anzake adayambitsa Malawi Congress Party kuti gulu lisabalalike. Dr Banda adatulutsidwa pa 1 Epulo 1960, chisankho cha mu 1961 chidapereka mipando yambiri kwa eni dziko, chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963, ndipo pakati pa usiku wolowa 6 Julaye 1964 mbendera ya Angerezi idatsitsidwa pa bwalo la masewera ku Blantyre, nkukwezedwa yathu yakuda, yofiira ndi yobiriwira, ya dzuwa lotuluka.

Ndatchula maboma a anthu amenewa mwadala, chifukwa m'chipinda chathu cha aphunzitsi mulinso chimodzimodzi. Tili ndi anzathu a ku Rumphi ndi ku Mzimba amene kwawo amayankhula Chitumbuka, tili ndi a ku Thyolo, a ku Machinga, a ku Nsanje, ndi ife a konkuno. Tsiku limene denga linasasuka palibe amene anafunsa mnzake kuti kwanu nkuti kapena mumapemphera kuti. Ndinaona mayi a sitandade 2, chitenje atamanga m'chiuno, akutola mabuku onyowa m'matope nkumawayanika tsamba ndi tsamba pa mabenchi a m'tchalitchi choyandikana nafe, pamene bambo a masamu, amene Lachisanu amapita kumzikiti, anali kusenza madesiki pamodzi ndi anyamata akuluakulu kuti mvula yausiku isawapeze panja. Mabuku ambiri a sitandade 8 anapulumuka chifukwa cha changu cha masana amenewo.

Ndikuthokoza achiwiri anga chifukwa cha ndondomeko ya maphunziro imene anaikonza usiku womwewo. Popeza ana a sitandade 1 ndi 2 amaweruka msanga, iwo anakonza zoti zipinda zawo zizilandira sitandade 7 akangoweruka ang'onowo, ndipo sitandade 8, amene mayeso a MANEB anali kuwadikira mu Meyi, anapatsidwa chipinda cha sitandade 5 tsiku lonse, a sitandade 5 nkumaphunzirira pansi pa mtengo wa mango kukacha bwino. Izi zinatanthauza kuti aphunzitsi ena aziweruka madzulo popanda kowonjezera kalikonse pa malipiro awo, ndiponso nthawi yake inali ya kupalira ndi kuthira feteleza m'minda yawo. Simunadandaule pamaso pa ana, ndipo palibe phunziro la sitandade 8 limene linadumphidwa. Zotsatira za mayeso tikuzidikirabe, koma ana athu analowa m'chipinda cha mayeso atamaliza zonse zofunika kuphunzira.

Kwa amisiri a matabwa a m'mudzi muno, amene anagwira ntchitoyi pa mtengo wotsika chifukwa ana awonso amaphunzira pano, zikomo yanga ndi yapadera, popeza anatiphunzitsa chifukwa chake dengalo linachoka. Ambirife tinkangoti mphepo inali yaikulu, koma iwo anatitengera pamene panagwera mapaso nkutigogodera phaso limodzi ndi nyundo, ndipo linalira ngati ng'oma yobooka, kunja kooneka bwino koma mkati chiswe chitadya chonse. Anationetsanso timizere ta dothi tokwera m'khoma kuseri kwa bolodi, timene tinali njira ya chiswecho, ndipo tinakhala tikutiona osadziwa tanthauzo lake. Vuto lachiwiri linali lakuti mitanda inangosanjikidwa pamwamba pa khoma osamangiriridwa, kotero kuti mphepo italowa pa mazenera opanda magalasi inalinyamula denga lonse kuchokera pansi nthawi imodzi. Pomanganso, iwo anagumula mizere ingapo ya njerwa za pamwamba nkukwiriramo waya wokhuthala, amene anamukulunga pa mtanda uliwonse, kuti mphepo yofuna kunyamula denga iziyamba yalimbana ndi kulemera kwa khoma. Matabwa onse anapakidwa mankhwala oteteza ku chiswe asanakwezedwe, makamaka kumapeto kumene amakhudzana ndi khoma. Tinagula malata a geji 28 m'malo mwa a geji 32, amene ndi otsika mtengo koma opyapyala, ong'ambika msanga pa msomali. Misomali anaikhoma pamwamba pa msana wa lata osati m'ngalande mmene mumayenda madzi, ndipo m'mphepete mwa denga, mmene mphepo imayambira kukoka, anaikhoma mothinana kuposa pakati. Malata akale amene anangopindika osang'ambika tinawawongola nkufolerera khitchini ya phala.

Pali chinthu china cha m'mbiri yathu chimene sitichitchula kawirikawiri pa chikondwerero, koma ine ndimaona kuti nchofunika kuchidziwa. Umodzi wa mu Julaye 1964 sudakhalitse pakati pa atsogoleri, chifukwa pofika Seputembala chaka chomwecho nduna zingapo, kuphatikizapo Chiume, Chirwa ndi Chipembere, zidasemphana maganizo ndi Dr Banda, zina nkuchotsedwa, zina nkutula pansi udindo, ndipo ambiri a iwo adathawira kunja. Dziko lidakhala pansi pa chipani chimodzi mpaka Amalawi adasankha ulamuliro wa zipani zambiri pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Chimene ine ndimaphunzirapo nchakuti kugwirizana pa nthawi ya vuto nkosavuta, koma kumayesedwa pamene pafika ndalama, maudindo ndi mafunso ovuta. Ifenso tinafikapo pamenepo mu Malichi, makolo ena atayamba kung'ung'udza kuti zopereka zawo sizikuoneka ntchito yake, pamene matabwa anali atagulidwa koma malata asanafike. Pano ndikuthokoza mayi msungichuma wa komiti, amene sanakwiye kapena kuwatcha anthu ofunsawo adani a chitukuko, koma anapempha agulupu kuti aitanitse msonkhano, nalemba pa bolodi ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, malisiti nkuwayala pa tebulo kuti aliyense awagwire ndi manja ake. Bambo amene anafunsa mafunso owawa kwambiri tsikulo ndi omwe anadzapereka ngolo yawo ndi ng'ombe kuti zitute mchenga kuchokera kudambo, ndipo tinawasankha kuti akhale mmodzi mwa owerengera malata pa tsiku limene anafika. Ndikuwathokoza chifukwa cha mafunso awo komanso chifukwa cha ngoloyo.

Agulupu ndi mafumu onse ozungulira sukulu, munagawa masiku a ntchito mudzi ndi mudzi kuti pasakhale mudzi wolemedwa kuposa unzake, ndipo munavomera kuti banja lopanda ndalama lipereke mphamvu zake potunga madzi kapena kuphwanya miyala. Amayi a gulu munayenda khomo ndi khomo kufunafuna atsikana amene anayamba kujomba chifukwa choweruka mochedwa, nkukonza zoti aziyenda m'magulu pobwerera kwawo. Alonda athu munagona pafupi ndi matumba a simenti ndi malata m'chipinda chopanda chitseko, ndipo palibe ngakhale lata limodzi limene linasowa. Ana amene adaphunzira pano kale, amene tsopano ali ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Joni, munatumiza thandizo pa foni mutangomva uthenga, ndipo ndalama zanu ndizo zinatipatsa mphamvu yosankha malata okhuthala aja.

Sindikubisa kuti zosowa zikadalipo. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, pamene chiwerengero cha ana m'sukulu za dziko lino chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, zipinda sizinakwanirepo, ndipo nafenso tili ndi makalasi amene ana ake amakhala pansi mothithikana. Lipoti la zimenezi tidapereka kwa alangizi a maphunziro a dera lathu ndipo tipitiriza kukumbutsa, chifukwa boma limene tikulipempha ndi lathu lomwe, losankhidwa ndi mavoti athu ndi loyendetsedwa ndi misonkho yathu. Koma ndimanyadira kuti podikira yankho sitinakhale manja lende, ndipo ana anaona ndi maso awo akuluakulu a zilankhulo ndi zipembedzo zosiyana akukweza mtanda umodzi.

Pa tsiku loyamba la sukulu tikachoka ku tchuthi cha ufulu, tidzasonkhana pa bwalo la mbendera nthawi ya 7 koloko m'mawa, ndipo ndapempha alonda athu aakulu kuti ndiwo adzakweze mbendera, ana a sitandade 7 nkutsogolera nyimbo ya fuko. Makolo ndi mafumu muli oitanidwa nonse. Tikadzatha mwambowo, amisiri alonjeza kuti adzayendera nafe zipinda zotsalazo kugogoda phaso lililonse ndi kuyang'ana ngati mitanda yake ili yomangiriridwa, kuti zofunika kukonza tizikonze mu Ogasiti ndi Seputembala mvula isanayambe.