Mmene ndimakonzera kanema wa 4K pa laputopu yakale pogwiritsa ntchito mapulokisi

Kanema wa ukwati amene ndinapatsidwa kuti ndidule anali wa maola atatu, wojambulidwa pa 4K, 3840x2160, mafelemu 25 pa sekondi, mu H.264 pa 100 Mbps. Pa mlingo umenewu ola limodzi limadya malo okwana 45 GB, ndiye zonse pamodzi zinali 135 GB. Laputopu yanga ili ndi purosesa yakale ya i5 ndi RAM ya 16 GB. Nditangoika fayilo imodzi mu pulogalamu yodulira kanema ya DaVinci Resolve, mawu ankayenda bwinobwino koma chithunzi chinkadumphadumpha, ndipo ndikabwerera m'mbuyo pang'ono chinkaima nji, fani ikulira.

Anthu ambiri akaona zimenezi amati fayilo yakula kwambiri. Koma chimene chimalemetsa kompyuta si kukula kwa fayilo kokha ayi, ndi mmene kamera inapanikizira zithunzizo. H.264 ndi H.265 zochokera m'makamera ambiri sizisunga felemu iliyonse yathunthu. Zimasunga imodzi yathunthu, kenako zotsatira zingapo zimangolemba zimene zasintha kuchokera pa inzake. Mukaima pakati, kompyuta iyenera kubwerera kukapeza felemu yathunthu ija n'kumanga zonse zotsatira mpaka kufika pamene mwaimapo. Poonera chabe sizivuta kwenikweni, chifukwa kanema amangopita kutsogolo. Podula ndi pamene pali ntchito, popeza munthu umalumpha uku ndi uku mphindi iliyonse.

Pulokisi ndi kope lopepuka la fayilo lililonse, lomwe mumaduliramo, pamene mafayilo enieni akungodikira tsiku lotulutsa kanema womaliza. Kuti likhale lopepukadi pamafunika zinthu ziwiri: chithunzi chichepetsedwe, ndiponso felemu iliyonse iime payokha osadalira inzake. Chachiwirichi ndimachiona kukhala chachikulu, n'chifukwa chake sindipanga mapulokisi mu H.264 ngakhale kuti amatenga malo ochepa.

Ndisanalowetse fayilo iliyonse ndinatsegula Project Settings, pa Master Settings, n'kuika Timeline frame rate pa 25 ndi Timeline resolution pa 1920x1080. Liwiro la mafelemu liyenera kuikidwa poyambirira penipeni, chifukwa mafayilo akangolowa Resolve salolanso kulisintha pamenepo. Pansi pake, pa Optimized Media and Render Cache, pali Proxy media resolution ndi Proxy media format. Pa mtundu wa fayilo ndinasankha DNxHR LB, yomwe imayenda bwino pa Windows. Amene ali pa Mac angasankhe ProRes 422 Proxy, ntchito yake ndi yomweyo.

Pa kukula kwa chithunzi ndinayamba ndawerengera malo. Pa Proxy media resolution, Half imasandutsa 4K kukhala 1920x1080, ndipo DNxHR LB pa kukula kumeneku, pa mafelemu 25, imadya pafupifupi 16 GB pa ola. Maola atatu ndi pafupifupi 48 GB. Quarter imapereka 960x540, pafupifupi 4 GB pa ola, kutanthauza 12 GB pa ukwati wonse. SSD ya m'kati mwa laputopu inali itatsala ndi malo ochepa, choncho ndinatenga Quarter. Pa 960x540 nkhope zimaoneka bwino, milomo ya abusa imaoneka ikamayenda, ndipo podula zimenezo n'zokwanira.

Kenako pa Working Folders ndinaloza Proxy generation location ku foda ya pa SSD ya m'kati. Mafayilo enieni ndinawasiya pa disiki yakunja yolumikiza pa USB. Apa ndi pofunika kusamala, chifukwa mukaika mapulokisi pa disiki yakale yozungulira, yolumikizidwa pa USB 2.0, kanema adzadumphabe ngakhale purosesa itapuma, makamaka mukamaseweretsa makamera awiri kapena atatu nthawi imodzi.

Panali mafayilo ena amene sindinawalowetse mwachindunji, ojambulidwa pa foni ya mlongo wa mkwatibwi kuchinkhoswe. Mafoni ambiri sajambula pa liwiro lokhazikika, mafelemu amachuluka kapena kuchepa malinga ndi kuwala ndi kutentha kwa foniyo. Pulokisi yopangidwa kuchokera pa fayilo yotere imatha kusemphana ndi yeniyeni, moti pamene munadula pa pulokisi sipamene padzadukire potulutsa, ndipo mawu amayamba kutsalira milomo pang'onopang'ono. Ndinawatsegula mu pulogalamu ya MediaInfo, ndipo pa Frame rate mode panalembedwa Variable. Ndinawakhazika kaye pa 25 ndi pulogalamu ya ffmpeg:

```
ffmpeg -i VID_01.mp4 -vf fps=25 -c:v libx264 -crf 16 -c:a aac -b:a 256k VID_01_25.mp4
```

Fayilo yatsopanoyi ndiyo ndinaitenga ngati yeniyeni, n'kuilowetsa pamodzi ndi za kamera.

Zonse zitalowa mu Media Pool, momwe Resolve amaonetsa mafayilo olowetsedwa, ndinayesa kaye pa fayilo imodzi yaifupi. Ndinadina kumanja pa fayiloyo n'kusankha Generate Proxy Media. Itatha, ndinapita pa Playback, Proxy Handling, n'kusankha Prefer Proxies. Popanda sitepe imeneyi pulokisi imakhalapo koma Resolve akhoza kumawerengabe fayilo lolemera lija, munthu n'kumadabwa kuti palibe chasintha. Ndinaseweretsa n'kuyang'ana kanambala ka mafelemu pamwamba pa chithunzi. Kanakhazikika pa 25, kadontho kake kali kobiriwira, pomwe poyamba kanali kofiira. Apo ndinadziwa kuti zimene ndasankha zikukwanira makina angawa.

Ndipamene ndinasankha mafayilo onse. Ntchito imeneyi ndi yolemera chifukwa kompyuta iyenera kumasula felemu iliyonse ya 4K kamodzi, ndiye pa makina akale imatha kutenga nthawi yoposa kutalika kwa kanemayo. Ndinaisiya usiku, laputopu ili pamagetsi, kugona kwa Windows nditazimitsa, pansi nditaikweza kuti mpweya uzidutsa. Ndinagawanso mafayilo m'magulu, a kutchalitchi paokha, a kumadyerero paokha, kuti magetsi akathima batire n'kutha ndidziwe gulu lomwe latha ndi lofunika kubwereza. M'mawa ndinaonetsa danga la Proxy pa mndandanda wa Media Pool. Fayilo yomwe ili ndi pulokisi imaonetsa kukula kwake pamenepo, yomwe ilibe imalembedwa None.

Kuchokera pamenepo sindinasinthenso dzina la fayilo lililonse kapena kusuntha foda. Pulokisi imagwirana ndi fayilo yake chifukwa zikufanana dzina, liwiro la mafelemu ndi nambala za nthawi zimene kamera inalemba. Ngati foda yasuntha, Link Proxy Media imazilumikizanso, koma mayina akhale aja omwe. Chabwino china n'chakuti podula disiki yakunja sifunika kukhala yolumikizidwa, mapulokisi okha amakwana.

Pali zinthu zimene pulokisi singakuuzeni zoona. Pa 960x540 chithunzi chimene kamera inaphonya pang'ono chimaoneka ngati chakuthwa, choncho pa malo ofunika, monga povekana mphete, ndinkalumikiza disiki, kusintha kupita pa Prefer Camera Originals, n'kuyang'ana felemuyo itaima. Mitundu ndinaikonzanso pa mafayilo enieni, chifukwa timadontho ta mumdima wa muholo sitioneka mofanana pa kope lochepetsedwa. Ndipo pulokisi imangopeputsa kuwerenga kwa fayilo. Mukaunjika zokometsera zolemera pamwamba pake, kompyuta idzatopabe.

Potulutsa ndinalumikiza disiki yakunja, kuonetsetsa kuti palibe fayilo yolembedwa Media Offline, n'kupita pa Deliver. Pansi pa Advanced Settings pali kabokosi kolembedwa Use proxy media, ndipo kameneka kayenera kukhala kopanda chizindikiro, apo ayi kanema womaliza adzachokera pa 960x540 n'kukokedwa kuti akwane 1080. Ndinayamba ndatulutsa masekondi 30 okha a pamene mkwatibwi akulowa m'tchalitchi, ndinawatsegula pa sikirini yonse, ndipo nditaona ulusi wa leisi ya diresi ukuoneka umodziumodzi ndinatulutsa kanema yense.