Mmene ndinayesera chaja, jaki ndi batire laputopu itakana kuyaka

Laputopu ikakana kuyaka, anthu ambiri kuno ku Zomba amathamangira kukafunsa mtengo wa batire, pomwe batire ndiyo iyenera kuganiziridwa pomaliza. Magetsi amachoka pa soketi, nkudutsa m'chaja, nkulowa pa jaki (kabowo kamene timalowetsapo chaja), kenako pa bolodi lalikulu la m'kati, ndipo batire imalandira pamapeto pake. Malaputopu ambiri amayaka ngakhale popanda batire, malinga chaja ndi jaki zili bwino. Choncho yanga itangoti zii, osaonetsa ngakhale kanyali kochajira, ndinatsata njira yomweyo imene magetsi amayenda.

Ndinayamba ndi zosafuna chipangizo chilichonse. Ndinasiya ekisitenshoni nkulumikiza chaja pa soketi ya pakhoma imene ndinali nditaiyesa ndi chaja ya foni. Kenako ndinazula chaja, nkuchotsa fulashi ndi mausi, ndi kudina batani loyatsira kwa masekondi 30 kuti magetsi otsalira pa bolodi athe. Nthawi zina zimenezi zokha zimadzutsa makina amene anangokakamira magetsi atathima mwadzidzidzi, koma yanga sinasinthe.

Pa chaja m'pamene ndinakhalitsa. Kunsi kwake kunalembedwa OUTPUT 19.5V 3.33A, kutanthauza kuti imatenga mavoliti 230 a pakhoma nkutulutsa 19.5, ndipo mphamvu yake ndi mawati 65. Ndinabwereka malitimita, kachipangizo koyesera magetsi, kwa mnzanga wokonza mawailesi ku Chinamwali, nkuika pa DCV 200, poyesera mavoliti mpaka 200, chifukwa pa DCV 20 malire ali pafupi kwambiri ndi zimene chaja imatulutsa. Waya wakuda wa malitimita ndinaukhudzika kuchitsulo chakunja kwa mutu wa chaja wolowa mu laputopu, wofiira kukhoma la m'kati mwake. Apa pafunika dzanja losanjenjemera, makamaka pa machaja a HP ndi Dell amene ali ndi kapini kowonda pakati. Kapiniko sindiko konyamula magetsi ochajira, koma kamauza laputopu mtundu wa chaja imene yalumikizidwa, ndipo mukakakhudzanitsa ndi khoma la m'kati mukhoza kuwononga chaja yabwinobwino. Kapiniko kakapindika kapena kuthyoka, laputopu ikhoza kuyaka koma nkukana kuchaja batire.

Malitimita inaonetsa 19.6, zomwe zili bwino, popeza kusiyana pang'ono kotero nkwachibadwa. Sindinakhutire msanga. Waya wa chaja umakonda kuduka m'kati pafupi ndi mutu kapena potulukira m'bokosi, chikopa chake chikuoneka chosalala, choncho ndinapempha mwana wa mlongo wanga kuti aziupinda pang'onopang'ono ine ndikuyang'ana manambala. Sanagwedezeke. Akanakhala kuti anaonetsa ziro, ndikanayamba ndatsegula pulagi ya mano atatu ija kuti ndiyese fyuzi yake, ndi kusintha chingwe chochokera kukhoma, chifukwa ziwirizi nzotsika mtengo kuposa chaja yonse. Komabe malitimita imayesa chaja isanasenze katundu, ndipo chaja yotopa ikhoza kuonetsa mavoliti okwanira nkugwa laputopu ikayamba kukoka magetsi. Pofuna kutsimikiza, ndinaiyesa pa laputopu ya mnansi wanga ya mavoliti ofanana ndi mutu wofanana, ndipo inachaja bwinobwino. Amene chaja yawo ndi ya USB-C asadalire malitimita motere, chifukwa chaja zoterozo sizitulutsa mavoliti ake onse zisanamvane ndi laputopu; njira yake ndi kungoyesa ina ya mawati okwanira.

Chaja itapezeka yosalakwa, ndinapita pa jaki. Choyamba ndinayang'ana kanyali ka pa bokosi la chaja pamene ndinkailowetsa. Kanyaliko kakazima mukangolowetsa, ndiye kuti m'kati muli shoti, pa jaki kapena pa bolodi, ndipo chaja ikudziteteza. Pamenepo lekani kuyesayesa. Kanga kanakhalabe koyaka. Nditaunika ndi tochi ya foni m'kabowomo, ndinaona fumbi pang'ono koma popanda chopsa, ndipo mutu wa chaja unkagwedera kuposa kale. Nditaukankhira m'mwamba pang'ono, kanyali kochajira ka pa laputopu kanaphethira kamodzi nkuzimanso. Chizindikiro chimenechi chimaloza pa jaki, ngakhale waya woduka pafupi ndi mutu umachitanso chimodzimodzi, ndipo n'chifukwa chake ndinayamba ndi kuyesa wayawo.

Ndinazula chaja, nkumasula zomangira za chivundikiro cha pansi ndi kuziyala pa pepala mmene zinakhalira, popeza sizifanana kutalika. Ndisanakhudze china chilichonse ndinazula kachingwe ka batire pa bolodi. Mwamwayi, jaki ya makina anga siyowotcherera pa bolodi: ili ndi kachingwe kakekake ka mawaya ofiira ndi akuda kamene kamalowa pa kasoketi koyera. Ndinalowetsanso chaja nkuyesa pa kasoketiko, wofiira pa wofiira, wakuda pa wakuda. Panali ziro. Nditakankhanso mutu wa chaja, manambala analumpha kufika 19 nkubwereranso. Magetsi ankathera pa jaki, osafika pa bolodi. Akanakhala kuti 19.5 ikufika mokhazikika koma makina osayaka, vuto likanakhala pa bolodi lenilenilo, ndipo kumeneko ine sindilowako. Ndi ntchito ya mmisiri wokhala ndi zipangizo zake.

Jaki ina ndinaipeza kwa wokonza makompyuta pafupi ndi msika waukulu wa Zomba, yochotsedwa pa laputopu yakufa ya mtundu womwewo. Ndinanyamula yakaleyo kuti tifanizire kutalika kwa kachingwe ndi kuchuluka kwa mapini, chifukwa majaki ambiri amafanana kunja kokha. Jaki yowotcherera pa bolodi ndikanaisiya kwa iyeyo, popeza kuichotsa kumafuna kutentha kwambiri ndipo nkosavuta kuwononga tinjira ta bolodi. Nditaiika, laputopu inayaka ndi chaja yokha, batire isanalumikizidwe.

Batire ndinaifika pamapeto. Ndinaiika pa tebulo kuona ngati yatupa, ndipo inali yafulati. Yotupa imatukula kiyibodi kapena malo oyendetsera chala, ndipo siyenera kuchajidwanso, kubooledwa kapena kuponyedwa pamoto wa zinyalala. Yanga inalembedwa 11.4V, kutanthauza maselo atatu, timabatire ting'onoting'ono ta m'kati mwake. Kuiyesa ndi malitimita sindikukhulupirira kwenikweni, chifukwa mabatire ambiri ali ndi kabolodi kawo kamene kamatseka magetsi akakhala kunja kwa laputopu, moti ziro sikutanthauza kuti yafa. Ndinaizimitsa laputopu, nkuzula chaja, nkubwezera kachingwe ka batire ndi kutseka. Popeza inali itatheratu, ndinaisiya pa chaja kwa ola lathunthu ndisanaiweruze. Itadzaza, ndinatsegula Command Prompt ya Windows nkulemba:

```
powercfg /batteryreport
```

Lamuloli limapanga fayilo yotchedwa battery-report.html, ndipo mizere yofunika ndi iwiri. DESIGN CAPACITY, mphamvu imene batire inali nayo ili yatsopano, inali pafupifupi 41,000 mWh, pomwe FULL CHARGE CAPACITY, imene ikutha kusunga tsopano, inali pafupifupi 29,000 mWh. Yakalamba, koma ikugwirabe ntchito, ndipo nditazula chaja laputopu sinazime. Ndidzaisintha nambala yachiwiriyo ikadzatsika kufika theka la yoyambayo, kapena ikadzayamba kuzima mwadzidzidzi sikirini ikuonetsa kuti mwatsala maperesenti 30 kapena 40, chifukwa pamenepo nthawi zambiri selo limodzi limakhala litafooka kuposa anzake.