Kuwerengera moto pojambula ndi kukonza kanema magetsi akamavuta

Phunziro lomwe ojambula ambiri amachedwa kulimvetsa ndi la nambala yolembedwa pa pawabanki. Ya 20,000 mAh imaoneka ngati nkhokwe, koma nambalayo amaiwerengera pa mavoti 3.7 a mabatire a m'kati mwake. Kuti mudziwe moto weniweni mu Wh, pomwe 1 Wh ndi moto wa wati imodzi kwa ola limodzi, werengani motere:

```
20000 mAh × 3.7 V ÷ 1000 = 74 Wh
```

Wina umatayika ngati kutentha potchaja, choncho dalirani pafupifupi 60 Wh basi.

Tiyerekeze mukujambula ukwati, maola asanu onse pamodzi, ndi kamera yogwiritsa batire la NP-FZ100, lomwe limasunga 16.4 Wh. Ngati batire limodzi limakufikitsani ola ndi theka, mufunika mabatire anayi odzaza. Mukakhala ndi awiri okha, mutchaja kawiri, ndipo pawabanki itaya pafupifupi 40 Wh. Zotsala 20 Wh, laputopu yodya mawati 50 izimaliza m'mphindi 24. Ndi moto wokoperera mafayilo kuchoka pa khadi, osati wokonzera kanema. Komanso batire limatha kudzaza mochedwa kuposa mmene linzake likuthera, choncho liyikeni pa chaja likangotuluka mu kamera, osadikira nthawi ya perekaniperekani. Laputopu nayo imafuna pawabanki yolembedwa PD yotulutsa mavoti 20. Wamba ya foni siyingaitchaje.

Choopsa kwambiri ndi kamera kuzima ili m'kati mojambula. Pa makamera ambiri, fayilo ya MP4 imalembedwa ndondomeko yake pamapeto, mukadina batani loimitsa. Moto ukaduka mwadzidzidzi, fayilo imaoneka pa khadi ndi kukula kwake, koma imakana kutseguka. Ndiye ngati kamera ikudya moto wa pawabanki kudzera pa waya, batire likhalebe m'kati, pakuti waya umazuka wina akangoupalasa ndi phazi. Ulaliki wautali uduleni m'zigawo za mphindi khumi kapena 15, mukuimitsa pamene kwaya ikuimirira.

Pokonza, laputopu imadziteteza yokha ndi batire lake. Chomwe chimagwetsa anthu ndi hadi dirayivi yaikulu yolumikiza kukhoma: magetsi akathima imazima ikulemba, ndipo pulojekiti imatha kuwonongeka. Gwiritsani ntchito hadi dirayivi yodya moto wa laputopu. Mu Premiere Pro tsitsani `Auto Save` ifike mphindi zisanu; mu DaVinci Resolve yatsani `Live Save` ndi `Project Backups`. Chachiwirichi n'chofunika, chifukwa `Live Save` imaseva ndi zolakwa zanu zomwe. `Ctrl+S` musaisiye.

Ntchito zolemera, monga kupanga mapulokisi, omwe ndi makope opepuka a kanema ogwiritsa ntchito pokonza, ndi kutulutsa kanema womaliza, zichiteni magetsi akangobwera; kudula ndi kusanja zithunzi kumatheka pa batire. Magetsi akathima, zulani machaja onse kukhoma, ndipo akayaka dikirani mphindi zingapo, poti nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopsereza chaja. Kenako yambani ndi mabatire a kamera ndi pawabanki, yomwe pa chaja ya mawati 18 imatenga maola asanu kapena kuposerapo.