Lachitatu: ngalande ya pamfundo ya dzanja ndi chala chachikulu chofooka

Lero m'chipinda chathu cha mafizo munabwera mayi ena osoka zovala, amene akhala akudwala shuga kwa nthawi yaitali. Anadandaula kuti dzanja lawo lamanja limachita dzanzi usiku mpaka kuwadzutsa, ndipo amayamba alikutumula kaye kuti tulo tibwerenso. Chimene chinawabweretsa si dzanzilo ayi, popeza analizolowera, koma kuti masiku ano singano ikumawapulumuka ndipo kumanga mabatani kwasanduka ntchito.

Ndinawauza kuti, "Mayi, tagonekani manja onse patebulopa, zikhatho ziyang'ane kumwamba." Kusiyana kunaonekera pomwepo. Kudzanja lamanzere, mnofu wa patsinde pa chala chachikulu unali wotumphuka bwino, koma kulamanja unali utaphwa, ndipo cham'mbali mwake munali kadzenje. Nditawapempha kuti aloze kudenga ndi chala chachikulu, ine n'kumachikankhira pansi, chamanzere chinalimba ndithu, pamene chamanja chinagonja msanga. Komabe nditawapatsa pepala kuti alipane pakati pa chala chachikulu ndi m'mbali mwa chamkombaphala, analigwira zolimba, ndiponso nsonga ya chalacho ankaipinda ndi mphamvu zonse.

Wophunzira amene tili naye mwezi uno anadabwa kuti zatheka bwanji chala chimodzi chomwecho kufooka pa ntchito ina n'kukhala champhamvu pa ina. Funsoli ndinalikonda, chifukwa yankho lake lagona pa kudziwa zimene zimadutsa m'ngalande ya pamfundo ya dzanja, imene kuchipatala timaitchula kuti kapo tanelo, ndi zimene zimailambalala.

Pamene dzanja limakumana ndi mkono pali timafupa 8 toyalana m'mizere iwiri, ndipo tinapindika moti kumbali ya chikhatho tinasiya khwawa. Pamwamba pa khwawalo panayalika ligamenti, imene ili ngati lamba wolimba womanga fupa ndi fupa, yopingasa kuchokera ku timafupa ta kumbali ya chala chachikulu kukafika ku ta kumbali ya chala chaching'ono. Choncho pansi ndi m'mbali ndi fupa, pamwamba ndi ligamenti yosatamuka, ndipo malo sangawonjezeke ngakhale m'katimo mutatupa. M'menemo mumadutsa zinthu 10. Zisanu ndi zinayi ndi matendoni, zingwe zolimba zija zimene zimachokera ku minofu ya mumkono kukakoka zala: anayi a pamwamba amapinda mfundo za pakati za zala zinayi, anayi a pansi amapinda nsonga za zala zomwezo, ndipo imodzi imapinda nsonga ya chala chachikulu. Chakhumi ndi mtsempha wa midiyani, umene sunyamula magazi koma mauthenga a pakati pa ubongo ndi dzanja. Mtsemphawu ndi wofewa kuposa matendoni, ndipo unagona pamwamba pawo, kunsi kwenikweni kwa ligamenti. Timatumba toterera tokuta matendoni tikatupa, kapena madzi akachuluka m'thupi monga zimachitikira amayi oyembekezera, mtsemphawo ndi umene umayamba kuphinjika. Shuga, nyamakazi yotupitsa mfundo, kufooka kwa chithokomiro ndi fupa la mkono limene linathyokapo pafupi ndi dzanja, zonsezi zimawonjezera chiopsezo.

Mtsempha ukapanikizika, timitsempha ta magazi toudyetsa timafinyika, ndipo mauthenga amayamba kuyenda movutikira. Poyamba dzanzi limabwera n'kupita, makamaka usiku, chifukwa munthu akagona amapinda dzanja osadziwa, ndipo kupindako kumachepetsa malo m'ngalandemo. Kupanikizikako kukapitirira, chikuto cha ulusi wa mtsempha chimawonongeka, kenako ulusi weniweniwo umafa, ndipo mnofu umene wasiya kulandira mauthenga umafota. Kadzenje ka padzanja la mayi aja kanali umboni wakuti vuto lafika pamenepo.

Tsono chifukwa chimene chala chachikulu chinafookera pa ntchito ina n'kukhala champhamvu pa ina ndi ichi. Mtsempha wa midiyani ukangotuluka m'ngalande, umatulutsa kanthambi kakafupi kamene kamakhotera m'mbuyo kulowa mumnofu wa patsinde pa chala chachikulu. Pamenepo pali minofu itatu: wina umadzutsa chalacho kuchoka pachikhatho, wina umachizungulitsa kuti chikakumane ndi nsonga za zala zinzake, ndipo wachitatu umachipinda patsinde. Kutola singano kumafuna iwiri yoyambayo, pakuti chala chachikulu chiyenera kudzuka, kuzungulira, n'kukagunda nsonga ya chamkombaphala maso ndi maso. Wachitatuwo kawirikawiri umalandirako mauthenga kuchokera ku mtsempha wina, motero suthandiza kwenikweni poyeza. Mtsempha wa midiyani umapatsanso mphamvu timinofu tiwiri tating'ono ta chamkombaphala ndi chapakati, koma kufooka kwake sikuoneka msanga.

Mnofu wopanira pepala uja, umene umakokera chala chachikulu kuchikhatho, umalamulidwa ndi mtsempha wa alina, ndipo umenewu umadutsa pamwamba pa ligamenti, m'kanjira kakekake kumbali ya chala chaching'ono. Nsonga ya chala chachikulu nayo imapindidwa ndi mnofu wokhala mumkono. Tendoni yake imadutsadi m'ngalande, koma mnofuwo unalandira kale nthambi yake ya midiyani kumtunda, pafupi ndi chigongono, kutali ndi pamene pafinyika. Apa mpamene ophunzira ambiri amasokonezeka, poganiza kuti chilichonse chodutsa m'ngalande chiyenera kufooka.

Tinayezanso khungu ndi kathonje. Mayiwo sankamva bwino kumimba kwa chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chala cha mphete loyandikana ndi chapakati, pamene theka linalo ndi chala chaching'ono zinali bwinobwino. Khungu la pamnofu wofotawo linkamva kathonje monga mwa masiku onse, chifukwa nthambi ya khungu la chikhatho imapatuka mtsempha usanalowe m'ngalande, n'kudutsa pamwamba pa ligamenti. Chizindikiro chimenechi ndimachidalira kwambiri. Khungu limenelo likanakhala ladzanzi, kapena nsonga ya chala ikanalephera kupindika, ndikanakayang'ana kumtunda kwa mkono kapena m'khosi, osati pamfundo ya dzanja. Pomaliza ndinawapinditsa dzanja kuti likhale choncho kwa masekondi 60, koma nthawiyo isanakwane anati zala zitatu zija zayamba kunyerenyetsa.

Anandifunsa kuti, "Adokotala, kodi kulithowa ndi madzi otentha sikungathandize?" Ndinawayankha moona kuti kuthowa kungatonthoze ululu koma sikungakulitse ngalande. Vutoli likakhala kuti likadali pa dzanzi lokha, chomangira chogona nacho chimene chimasunga dzanja mowongoka chimathandiza anthu ambiri, ndipo ena amabayidwa jakisoni wochepetsa kutupa. Koma mnofu ukayamba kufota, kudikira n'kutaya ulusi wina wa mtsempha, choncho ndinawalembera kalata yopita kwa madokotala a mafupa kuti akaone za opaleshoni. Opaleshoniyo ndi yodula ligamenti ija m'litali mwa dzanja kuti denga litseguke, ndipo wodulayo amatsamira kumbali ya chala cha mphete pofuna kupewa kanthambi kokhota kaja, kamene mwa anthu ena kamaboola ligamenti yeniyeniyo. Ndinawauzanso kuti dzanzi la usiku limatha msanga akachitidwa opaleshoni, koma mphamvu ya chala imabwerera pang'onopang'ono, mwina osafika pamene inali kale, makamaka shuga akakhala wosalamulirika. Chomangira tinawapatsabe kuti azigona nacho podikira tsiku lawo.

Madzulo ndinamupempha wophunzira uja kuti ayezenso odwala shuga awiri amene anabwera ndi mavuto a mapazi, ngakhale sanadandaule za manja. Mwa mmodzi anapeza dzanzi pansonga ya chamkombaphala ndi chapakati, mnofu wa patsinde pa chala chachikulu udakali wodzaza ndi wamphamvu, ndipo ameneyo tamuyambitsa chomangira cha usiku lero lomwe.