Mmene Ntchito Yosalipidwa Inatsegulira Bizinesi Yathu ya Magetsi a Dzuwa ku Mangochi

Bizinesi yathu ndi yoika ndi kukonza magetsi a dzuwa m'nyumba, m'magolosale ndi m'mashopu ometera, kuyambira pa boma la Mangochi mpaka ku Namwera ndi ku Makanjira, makamaka m'midzi yomwe mawaya a ESCOM sanafike. Nditalemba mayeso a MSCE, ntchito zolipidwa zinali zosowa, ndipo paliponse pamene ndinkafunsira ankafuna munthu amene anagwirapo kale ntchitoyo. Ndisanaganize zopempha makolo fizi ya kusukulu ya ntchito zamanja, ndinafuna kuyamba ndaona ngati ntchito ya magetsi ndingaithe, choncho ndinapempha amisiri ena achikulire kuti ndiziwathandiza popanda malipiro.

Tisanayambe tinagwirizana kuti ndikhala nawo miyezi itatu yokha, kuti chakudya chamasana ndi thiransipoti yopitira kwa makasitomala zikhala zawo, komanso kuti masiku ena pa sabata ndizipita kukagulitsa usipa kuti ndizipeza ya sopo. Malire a nthawiwa ndimawaona kukhala ofunika kuposa zina zonse, chifukwa ntchito yaulere yopanda tsiku lothera imasanduka chizolowezi, ndipo mwini ntchito sakhalanso ndi chifukwa choti akulembeni pamene akukupezani mwaulere.

Chimene ndinapindula kwenikweni ndi kudziwa kuwerengera mphamvu imene nyumba ikufuna, zomwe munthu wongonyamula makwerero sangazidziwe. Tsiku lina pagolosale ina amisiriwo anandipatsa kope ndi cholembera n'kunena kuti, "Mwana wanga, usanakhudze waya, uyambe wafunsa mayiwa zimene akufuna kuyatsa komanso kwa maola angati." Mayiwo anali ndi mababu 4 a mawati 5 oyaka maola 5, zomwe ndi mawati 100 pa tsiku tikachulukitsa ndi maola, ndiponso wailesi ya kanema ya mawati 40 yoonera maola 4, zomwe ndi 160. Zonse pamodzi zinakwana 260. Pa kawerengedwe komweka, batire lolembedwa 12V 100Ah limasunga pafupifupi 1,200 tikachulukitsa 12 ndi 100, koma ngati lili la asidi siliyenera kutsitsidwa kupyola theka, choncho mphamvu yogwiritsa ntchito ndi 600, yomwe inali yokwanira mayiwo ngakhale tsiku la mitambo. Atatchula zoti akufunanso firiji yoziziritsira zakumwa, tinawauza mosabisa kuti batire limodzilo lingafe m'miyezi yochepa. Masiku ano ndimauza achinyamata kuti mwezi woyamba ukatha asanaloledwe kuchita masamu otere kapena kugwira mita yoyezera magetsi, adziwe kuti akugwira ganyu yaulere, osati kuphunzira, ndipo ndi bwino atsanzike mwaulemu.

Nthawi imeneyi inandionetsanso mbali ya ntchito imene siioneka munthu akamaiyang'ana ali patali. Kukwera padenga la malata m'mwezi wa Okutobala kuno ku Mangochi n'kovuta, moti malata amaotcha manja nthawi isanakwane n'komwe 10 koloko m'mawa, ndipo mnzanga wina amene tinayambira limodzi anaona yekha kuti thupi lake silingapirire, n'kupita kukaphunzira zokonza mafoni asanaononge ndalama ya sukulu. Ineyo ndinapirira, koma ndinazindikira kuti ndalama yodalirika siili pa kuika mapanelo atsopano. Anthu ambiri amagula okha zipangizo pamsika n'kulumikiza panelo kubatire mwachindunji popanda kabokosi kowongolera kalowedwe ka moto, batirelo n'kuuma madzi kapena kutupa, kenako amasowa woti awakonzere. Ndinaonanso kuti asodzi amalipira msanga nsomba zikamaphedwa bwino, pamene alimi a kumtunda amadikira kukolola. Pa zimenezi m'pamene tinamangapo bizinesi yathu, yomwe inayamba ndi kukonza zoonongeka tisanayambe kugulitsa zipangizo.

Pomaliza miyezi ija ndinapempha kalata yofotokoza ntchito zenizeni zimene ndinagwira, osati yongonena kuti ndine wakhalidwe labwino, ndipo kenako ndinakachita maphunziro ovomerezeka ndi TEVETA, chifukwa luso lapamanja lopanda satifiketi silikupezetsani ntchito za mabungwe.

Lero nafenso timalandira achinyamata ofuna kuyesa ntchitoyi, koma mmodzi yekha pa nthawi, popeza awiri sitingathe kuwaphunzitsa bwino. Timalemberana pepala losonyeza tsiku loyamba, tsiku lomaliza ndi zimene adzaphunzire mwezi uliwonse, ndipo timawapatsa chakudya ndi thiransipoti. Zimandipweteka mtima ndikamaona achinyamata akutha chaka chathunthu akusesa m'shopu ya munthu chifukwa cha lonjezo la pakamwa loti adzalembedwa ntchito. Kwathu kuno wophunzira akafika poti tingamutume yekha kwa kasitomala, timayamba kumulipira pa ntchito iliyonse imene wagwira, ngakhale miyezi itatu isanakwane.